Kukonza kabuku ka pulogalamu ya mwambo: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene komiti yawapatsa ntchito yokonza kabuku ka pulogalamu, kaya ndi ka mwambo wa mpingo kapena wa gulu lina lililonse. Poyankha ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka kumapeto: mpingo ukukumbukira kuti watha zaka 25, ukuyembekezera anthu pafupifupi 300, ndipo makampani ndi mabanja angapo athandiza pa zokonzekera.

Kodi ndiyambire pati, pa kompyuta kapena?

Ayi, kompyuta iyambe yadikira. Tengani mapepala awiri a A4, muwasanjikize, muwapinde pakati onse pamodzi. Chimene mwagwira m'manjacho ndi kabuku ka masamba 8, ndipo tsamba lililonse ndi la A5, mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali. Lembani manambala ndi pensulo pa tsamba lililonse, kenako lembani mwachidule zimene zikhalepo. Kabuku koyesera kameneka kadzakuthandizani mpaka tsiku losindikiza, choncho musakataye.

Chifukwa choyambira apa n'chakuti munthu amene akuwerenga pulogalamu sakhala patebulo. Amakhala pampando, mwina dzanja limodzi lanyamula mwana, maso akuyang'ana kutsogolo, ndipo amangosuzumira m'kabuku kwa kamphindi kuti aone chimene chikubwera. Mukagwira pepala lopindidwa m'manja mumayamba kuganiza ngati munthu ameneyo. Pa sikirini zonse zimaoneka zazikulu ndi zowala, ndipo n'zosavuta kuiwala kuti tsamba lenilenilo ndi laling'ono.

N'chifukwa chiyani osindikiza akunena kuti masamba anga 10 satheka?

Pepala limodzi likapindidwa pakati limapereka masamba anayi, awiri kutsogolo ndi awiri kumbuyo. Kabuku kolumikizidwa ndi sitepula pamsana kamapangidwa ndi mapepala opindidwa otere, ndiye masamba ake amayenda anayianayi: 4, 8, 12, 16. Mukapereka masamba 10, kabuku kadzatuluka ndi masamba 12, awiri opanda kanthu. Chikuto nachonso chimawerengedwa: kutsogolo kwake ndi tsamba 1, ndipo kumbuyo kwake ndi tsamba lomaliza.

Mukapezeka ndi masamba 9 kapena 10, muli ndi njira ziwiri. Mutha kudula nkhani mpaka zikwane masamba 8, kapena kukwera kufika pa 12 n'kupereka malo owonjezerawo ku mawu a nyimbo ndi othandiza. Ine ndimakonda kudula, chifukwa nthawi zambiri chimene chatupitsa kabuku ndi mauthenga ataliatali amene akunena chimodzimodzi. Chimene sindingakulangizeni ndi kuchepetsa zilembo kuti zonse zipanikizike. Mukatero mwapulumutsa pepala, koma agogo amene akhala kumbuyo kwa tchalitchi sawerenga kanthu.

Nanga masamba 8 amenewa ndiwagawe bwanji?

Pa chitsanzo chathu, tsamba 1 ndi chikuto: dzina la mwambo, tsiku, malo, nthawi yoyambira, ndi chithunzi chimodzi kapena chizindikiro cha mpingo. Pa tsamba 2 pakhale mawu olandira alendo ochokera kwa abusa kapena wapampando, osapitirira mawu 180 kuti atsale malo a dzina ndi kachithunzi. Tsamba 3 likhale la mbiri yachidule ya zaka 25 zija. Masamba 4 ndi 5 ndi a ndondomeko ya mwambo. Tsamba 6 ndi la mawu a nyimbo zimene anthu onse adzaimbe, tsamba 7 la othandiza, ndipo tsamba 8, kumbuyo kwa chikuto, la wothandiza wamkulu pamodzi ndi mayina a komiti.

Ndondomeko ndaiika pakati mwadala. Kabuku ka sitepula kamatseguka kokha pakati, pamene pali mawaya, ndipo masamba awiri apakatiwo ali pa nkhope imodzi ya pepala limodzi. Munthu akatsegula amagwera pomwepo, ndipo amaona mwambo wonse kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera osatembenuza tsamba. Ndondomeko imene yayamba pa tsamba 3 n'kupitirira pa tsamba 4 imachititsa anthu kutembenuza mapepala pakati pa mwambo, ndipo anthu 300 akatembenuza pepala nthawi imodzi phokoso lake limamveka.

Kodi ndondomeko ya mwambo ilembedwe motani kuti iwerengeke msanga?

Mzere uliwonse uyankhe mafunso awiri okha: chikuchitika n'chiyani, ndipo akuchita ndani. Chochitikacho chikhale kumanzere, dzina la munthu kapena gulu kumanja. Ngati mukuika nthawi, ikhale mu danga lake loyamba kumanzere kwenikweni. Zinthu zikapitirira khumi, zigaweni m'magulu okhala ndi timitu, monga Kutsegulira, Mapemphero, Zolankhula, Kutseka. Diso limapeza kamutu msanga kusiyana ndi kufufuza mzere wa nambala 13 m'mndandanda wautali.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri n'chakuti anthu amakankhira mayina kumanja pomenya batani la mpata kambirimbiri, kapena polemba madontho ndi dzanja. Pa kompyuta yanu zimaoneka zowongoka, koma zilembo zikangosintha pang'ono mayina amakhotakhota. Gwiritsani ntchito tebulo lopanda mizere yooneka, la madanga awiri kapena atatu. Mu Word muthanso kuika malo oimira a `Tab` olunjika kumanja n'kusankha madontho pa `Leader`, ndipo madonthowo adzadzaza okha mpata wa pakati pa chochitika ndi dzina.

Pamene anthu onse akufunika kuchita kanthu, monga kuimirira, kuyankha kapena kuimba nawo, lembani ndi zilembo zopendekera pansi pa mzerewo. Mlendo amene si wa mpingo wanu sadziwa nthawi yoimirira, ndipo kamzere kameneka kamamuchotsa manyazi.

Ndilembe nthawi pa chinthu chilichonse kapena ayi?

Funso ili limagawa makomiti, ndipo ine ndili ndi mbali yanga. Musanasankhe, werengani nthawi yeniyeni ya mwambo. Pa chitsanzo chathu komiti ikufuna kuyamba 9:00 ndi kutha 12:00, mphindi 180. Kulowa kwa atsogoleri ndi mphindi 10, pemphero 5, nyimbo ya onse 10, kulandira alendo 10, makwaya atatu mphindi 8 iliyonse, mbiri ya mpingo 15, ulaliki 35, olankhula anayi mphindi 7 aliyense, chopereka 20, mawu othokoza 10, pemphero lotseka 5. Zonse pamodzi ndi mphindi 172, ndipo komiti imasangalala poganiza kuti zakwana.

Koma zinthu zimenezi zilipo 16, ndipo pakati pake pali mipata 15. Kwaya iyenera kuyenda kupita kutsogolo ndi kufola, wolankhula ayenera kuitanidwa, kuimirira ndi kukonza maikolofoni. Mukapatsa mpata uliwonse mphindi 2 zokha, mwawonjezera mphindi 30, ndipo mwambo ukutha 12:22 ngakhale aliyense atasunga nthawi yake. Wokonza kabuku ndi amene amayamba kuona vuto limeneli, chifukwa ndi iye amene amalemba zonse pa pepala limodzi. Bwererani nalo ku komiti kabuku kasanasindikizidwe: achotse wolankhula mmodzi kapena awiri, afupikitse zina, kapena avomere kuti mwambo utha 12:30.

Pa kabuku ka anthu onse, ndimalemba nthawi pa timitu tokha: kuyamba, zolankhula, kutseka. Mukalemba 10:14 pambali pa kwaya yachiwiri, ndiye kuti mwambo ukachedwa kuyamba ndi mphindi 20 mzere uliwonse usanduka wabodza, ndipo anthu amayamba kuyang'ana wotchi m'malo momvetsera. Ndondomeko ya mphindi ndi mphindi ilembedwe pa pepala lapadera la wotsogolera mwambo, woyendetsa zokuzira mawu ndi atsogoleri a makwaya. Kumene nthawi iliyonse imafunikadi kusindikizidwa ndi pa mwambo umene anthu amabwera ndi kuchoka, kapena umene zinthu zikuchitikira m'zipinda zosiyana nthawi imodzi.

Bwanji ngati wolankhula sanatsimikize kuti abwera?

Lembani udindo m'malo mwa dzina: Mlendo wolemekezeka, Woimira achinyamata. Dzina likasindikizidwa ndiye munthuyo osabwera, amene walowa m'malo mwake amaima patsogolo pa anthu atagwira kabuku kokhala ndi dzina la wina.

Kodi othandiza ndiwathokoze bwanji popanda kukhumudwitsa wina?

Mbali iyi ndi imene imabweretsa madandaulo mwambo utatha, ndipo ambiri mwa madandaulowo amayamba kale kabuku kasanakonzedwe. Munthu amene amapempha thandizo analonjeza kampani ina tsamba lathunthu, wina analonjeza ina kuti logo yawo idzakhala pachikuto, ndipo wokonza kabuku sanauzidwe. Choncho choyamba ndi kufunsa msungichuma ndi onse amene amapempha thandizo kuti akupatseni mndandanda wolembedwa: ndani wathandiza, analonjezedwa chiyani, ndipo akufuna dzina lake lilembedwe bwanji.

Mukakhala ndi mndandandawo, gawani othandiza m'magulu awiri kapena atatu, osapitirira apo pa kabuku kakang'ono. Pa chitsanzo chathu pali kampani imodzi imene yalipira mbali yaikulu, mabizinesi anayi amene athandiza pang'ono, ndi mabanja ndi anthu 22. Kampani ija itenge theka la tsamba 8. Mukasiya mamilimita 12 m'mphepete monse, tsamba la A5 limatsala ndi malo a mamilimita 124 m'lifupi ndi 186 m'litali, ndiye theka lake ndi pafupifupi 124 ndi 90. Uzani kampaniyo muyeso umenewu kuti ikutumizireni chinthu chokwana. Malogo a mabizinesi anayi akhale pamwamba pa tsamba 7, awiri pamzere, ndipo mayina 22 aja pansi pake m'madanga awiri a mayina 11.

M'kati mwa gulu lililonse, sanjani mayina motsatira alifabeti, ndipo lembani kamzere kakang'ono konena kuti mwatero. Ndi njira yokhayo imene palibe angaifunse kuti bwanji uje ali pamwamba pa ine. Ndalama zimene munthu wapereka musazisindikize. Amene wapereka zochepa kuchokera pa zochepa zimene ali nazo sayenera kuona nambala yake pambali pa ya kampani.

Musaiwale amene anathandiza ndi zinthu kapena ntchito: wobwereketsa mipando, wonyamula katundu pa galimoto yake, wojambula zithunzi kwaulere. Amenewa sapezeka m'buku la msungichuma, ndiye ndi amene amaiwalika kawirikawiri. Funsani mtsogoleri wa gawo lililonse la komiti kuti ndani wamuthandiza. Ndipo wina akanena kuti sakufuna kutchulidwa, lemekezani mawu ake. Mzere umodzi wothokoza onse amene anasankha kusatchulidwa ndi wokwanira.

Pa mwambo wa mapemphero ndimapewa kuika logo kapena malonda pa masamba a ndondomeko ndi a nyimbo. Munthu akuimba nyimbo yotamanda asamaone malonda pansi pa ndime yachiwiri. Othandiza amalemekezeka bwino akakhala ndi tsamba lawolawo, lokonzedwa mosamala.

Logo imene anditumizira ikuoneka yosawala ikasindikizidwa. Vuto n'chiyani?

Nthawi zambiri ndi logo imene wina anaikopera pa intaneti, kapena imene yadutsa pa foni n'kupanikizidwa. Kuti chithunzi chisindikizike bwino chimafuna madontho 300 pa inchi iliyonse, amene ndi mapikselo pafupifupi 118 pa sentimita. Logo yokhala masentimita 5 m'lifupi pa pepala ikufuna mapikselo pafupifupi 590. Ngati fayilo imene muli nayo ili ndi mapikselo 200, idzatuluka ndi m'mphepete mwa manomano, ndipo kuikulitsa pa kompyuta sikuwonjezera kanthu. Njira yoyesera msanga ndi kukulitsa tsamba pa sikirini kufika pa 300%: ngati zilembo za m'logo zayamba kusweka, pa pepala zidzaswekanso.

Pemphani eni ake fayilo yoyambirira. Ya SVG, EPS kapena PDF yochokera kwa amene anajambula logoyo ndiyo yabwino, chifukwa imakula popanda kuwonongeka. Ikapanda kupezeka, PNG yaikulu yopanda mtundu kumbuyo imagwira ntchito. Zikakanika zonse, lembani dzina la kampaniyo ndi zilembo zooneka bwino. Dzina loyera limaposa logo yoipa.

Pokulitsa kapena kuchepetsa logo, kokani pa ngodya, osati m'mbali, kuti isaphwatalale. Komanso malogo a gulu limodzi musawafananitse kutalika kokha. Logo yaitali chopingasa ndi logo yozungulira zikakhala zofanana msinkhu, yaitaliyo imatenga malo owirikiza ndipo imaoneka ngati mwini wake anapereka zambiri. Chepetsani yaitaliyo mpaka zonse zioneke zolemera mofanana mukaziyang'ana kabuku kali patali ndi nkhope.

Zilembo zikhale zazikulu bwanji, ndipo za mtundu wanji?

Mawu wamba akhale a saizi 11 kapena 12. Ndondomeko ndi mawu a nyimbo akhale 12 kapena 13, chifukwa amawerengedwa munthu ataimirira, nthawi zina m'nyumba ya kuwala kochepa. Mayina a othandiza asatsike pansi pa 10. Mitundu iwiri ya zilembo ndi yokwanira, wina wa mitu ndi wina wa nkhani. Zilembo zokhotakhota zonga zolemba pamanja zisiyireni dzina la mwambo pachikuto, ndipo musalembe nazo mawu a zilembo zazikulu zokhazokha, chifukwa saoneka n'komwe kuti akuti chiyani. Kumbuyo kwa mawu kukhale koyera. Chithunzi chofooka kuseri kwa ndondomeko chimakongola pa sikirini, koma pa makina a fotokope chimasanduka utsi umene umameza zilembo.

Kodi ndingasindikize mawu a nyimbo iliyonse?

Nyimbo zakale kwambiri zambiri n'zomasuka, koma nyimbo zatsopano, komanso matanthauzidwe atsopano a nyimbo zakale, zili ndi eni ake ndipo kusindikiza mawu ake kumafuna chilolezo. Ngati anthu ali ndi mabuku a nyimbo, nambala ndi mzere woyamba n'zokwanira.

Ndikufuna kusindikiza ndekha. Masamba ndiwasanje bwanji?

Masulani kabuku koyesera kaja muone manambala. Pepala lakunja lili ndi 8 ndi 1 mbali imodzi, 2 ndi 7 mbali inayo. Pepala lam'kati lili ndi 6 ndi 3, kuseri kwake 4 ndi 5. Masamba awiri oyandikana akaphatikizidwa amapereka 9 nthawi zonse, kutanthauza chiwerengero cha masamba kuwonjezera 1. Pa kabuku ka masamba 12 amapereka 13. Ka masamu aka kamakuuzani msanga ngati china chasokonekera.

Simufunika kusanja ndi dzanja. Mu Word, pa `Page Setup`, sankhani `Book fold` pa `Multiple pages`, ndipo mulembe masamba motsatana kuyambira 1 mpaka 8. Njira ina ndi kukonza masamba a A5 motsatana, kuwasunga ngati PDF, kenako posindikiza mu Adobe Acrobat Reader kusankha `Booklet`. Musachite zonse ziwiri pa fayilo imodzi, chifukwa masamba adzasanjidwa kawiri. Pulinta ikafunsa za kutembenuza pepala, sankhani `Flip on short edge`. Mukaona kuti masamba a kuseri atuluka chadodolido, ndiye kuti pamenepa ndi pamene palakwika.

Sindikizani kabuku kamodzi kokha, mukapinde, mukawerenge, kenako ndiye mupitirize. Pa anthu 300, timabuku 250 timakwana ngati mabanja ndi ana agawana, ndipo timabuku 250 ta mapepala awiri ndi mapepala 500, paketi imodzi yathunthu. Gulani ena owonjezera chifukwa ena amawonongeka m'makina. Sitepula wamba ya mu ofesi safika pamsana wa kabuku, amene ali mamilimita 148 kuchokera m'mphepete. Mufunika ya mkono wautali, ndipo mawaya awiri pa kabuku ndi okwanira.

Nanga ndikapita kwa osindikiza, ndiwapatse chiyani?

Apatseni PDF, osati fayilo ya Word, chifukwa kompyuta yawo ikasowa zilembo zimene munagwiritsa ntchito imaika zina ndipo mizere imasuntha. Ambiri amafuna masamba amodziamodzi motsatana kuti asanje okha, koma afunseni. Ngati mtundu kapena chithunzi chikufika kumapeto kwenikweni kwa tsamba, chipitirire mamilimita 3 kunja kwa mzere wodulira, kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasatsale kamzere koyera. Pulinta ya mu ofesi nthawi zambiri siifikitsa inki kumapeto kwa pepala, choncho posindikiza nokha konzani chikuto chokhala ndi malire oyera.

Pepala lolemera magalamu 80 pa sikweya mita ndi labwino m'kati, koma chithunzi chakuda kwambiri chimaonekera kuseri kwake. La magalamu 100 limabisa bwino. Chikuto cha magalamu 160 mpaka 200 chimalimba m'manja. Chikalemera kuposa apo chimafuna kuyamba chadindidwa mzere chisanapindidwe, apo ayi chimang'ambika pamsana. Ngati ndalama ndi zochepa, pepala lakunja lokha likhale la mitundu. Pa kabuku ka masamba 8 ndiye kuti masamba 1, 2, 7 ndi 8 ndi amene atha kukhala a mitundu, ndipo n'chifukwa chake othandiza ndinawaika pa 7 ndi 8.

Ndani awerenge kabuku kasanasindikizidwe, ndipo liti?

Inu amene mwakalemba simungathenso kuona zolakwika zake, chifukwa maso anu akuwerenga zimene mutu ukudziwa kale. Pezani anthu awiri. Mmodzi awerenge mayina ndi maudindo okha, mokweza, chilembo ndi chilembo, wina akuyerekeza ndi mndandanda umene eni mayinawo anatumiza. Kenako wotsogolera mwambo ayende ndi chala pa ndondomeko ngati kuti tsikulo lafika. Onaninso kuti tsiku la sabata likugwirizana ndi deti pa kalendala, makamaka ngati mwagwiritsa ntchito fayilo ya chaka chatha. Ine ndinasindikizapo timabuku tokhala ndi chaka chakale pachikuto, chifukwa tonse tinali kalikiliki ndi mayina a m'kati ndipo palibe anayang'ana zilembo zazikulu zija.

Kampani iliyonse itumizireni chithunzi cha tsamba pamene pali logo yake, ndipo ivomereze molemba. Za masiku, ndimatseka kulandira mayina ndi malogo kutatsala masiku 10, kuwerenga zolakwika kutatsala 7, ndi kupereka kwa osindikiza kutatsala 5. Wothandiza amene wabwera mochedwa kabuku katasindikizidwa kale, musindikizireni kapepala ka A5 koika m'kati mwa kabuku, ndipo muuze wotsogolera mwambo kuti amutchule dzina pa nthawi ya mawu othokoza.